Mafayilo awiri a makasitomala omwewo: wabwera ndani, wasowa ndani, wasintha ndani?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mafayilo awiri a CSV ochokera mu sisitimu imodzi, ya makasitomala ogula sola pa ngongole. Yoyamba inatulutsidwa kumapeto kwa Malichi ndipo ili ndi mizere 4,812, yachiwiri ndi ya kumapeto kwa Juni, mizere 4,978. Makolamu ndi ofanana m'mafayilo onse: A nambala ya kasitomala, B dzina, C foni, D dera, E tsiku lolembetsa, F ngongole yotsala. Abwana akufuna mayina a omwe awonjezeka, omwe achoka, ndi omwe zawo zasintha. Iwo akuti atsopano ndi 166 chifukwa angochotsera manambala awiriwo. Ndikugwiritsa ntchito Excel 2019.

Kondwani: Zosavuta izo achemwali. Matani mafayilo onse patsamba limodzi, wina pansi pa mnzake, kenako Data, Remove Duplicates. Otsalawo ndiye mndandanda wanu woyera.

Mayi Nachisale: Ayi a Kondwani, funso silimenelo. Sakufuna mndandanda umodzi, akufuna kudziwa kusiyana kwake. Remove Duplicates imasiya mzere woyamba n'kufufuta wachiwiri osakuuzani kuti wafufutidwa ndi uti, ndiye umboni womwe akuufunawo ndi umene uthere pomwepo. Ndipo Tadala, 166 ya abwanayo si chiwerengero cha atsopano. Ngati abwera 200 n'kuchoka 34, mupezanso 166. Ngati abwera 500 n'kuchoka 334, yemweyonso 166.

Bambo Gondwe: Tisanafike ku fomula, funso loyamba ndi ili: nambala ya mu kolamu A imaperekedwa ndi sisitimu kapena amalemba ndi munthu? Ndipo kasitomala akasintha foni kapena kusamuka, nambalayo imasintha?

Tadala: Imapereka ndi sisitimu, ya madijiti 5, monga 00412 kapena 10377. Sisintha.

Bambo Gondwe: Ndiye muli pabwino, chifukwa ntchito yonse ikhazikika pa nambala imeneyo. Musayerekeze kufananitsa mzere 2 wa fayilo iyi ndi mzere 2 wa inayo. Kasitomala mmodzi yekha akalowa pakati, mizere yonse ya pansi pake imatsika ndi sitepe imodzi, ndipo kuchokera pamenepo aliyense aoneka ngati wasintha. Ngakhale mutasanja mafayilo onse ndi Sort vutoli silichoka. Funso la mzere uliwonse likhale lakuti, nambala iyi ikupezeka kwinaku kapena ayi, posatengera kuti ili mzere wachingati.

Chachiwiri ndi katsegulidwe. Musatsegule CSV pongoidina kawiri. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani ku Data, From Text/CSV, sankhani fayilo. Pa File Origin ikani 65001: Unicode (UTF-8), kenako dinani Transform Data. Kudzanja lamanja pa Applied Steps muona sitepe yolembedwa Changed Type, ichotseni ndi ka X kali pambali pake, kenako Close & Load. Mukatero zonse zilowa ngati mawu, Excel osazisintha mwa nzeru zake. Tsamba la Malichi mulitche Akale, la Juni Atsopano. Mafayilo enieniwo asungeni padera osawakhudza.

Kenako mu Atsopano yesani izi pa mzere 2 n'kukokera pansi:

```
=IFERROR(MATCH(A2,Akale!$A:$A,0),"WATSOPANO")
```

Ikapeza nambalayo ikuuzani mzere womwe ili ku Akale, ikapanda kuipeza ilemba WATSOPANO. Ziro wa kumapetoyo musamuiwale, ndi amene akuiuza kuti ifune yofanana ndendende.

Tadala: Ndachita. Koma yanditulutsira atsopano 3,410. Sizingatheke, m'miyezi itatu sitinagulitse choncho.

Bambo Gondwe: Sefani omwe yawapeza aja. Manambala awo akuyamba ndi chiyani?

Tadala: Onse akuyamba ndi 1. Oyamba ndi ziro palibe ndi mmodzi yemwe.

Bambo Gondwe: Basi vuto laoneka. Yang'anani kolamu A ku Akale, mupeza 412 pomwe ku Atsopano pali 00412. Fayilo ya Malichiyo wina anaitsegula mu Excel n'kuiseva. Excel ikaona 00412 imati ndi nambala wamba, imataya maziro akutsogolo, ndipo munthu akadina Save kutayikako kumalowa mu fayilo yeniyeniyo. Chizindikiro chake ndi chimenechi nthawi zonse: omwe akugwirizana ali ndi kaonekedwe kamodzi, okana kugwirizana ali ndi kena. Mukaona atsopano ochuluka mosayenera, kayikirani kaye nambala musanakhulupirire yankho.

Yamikani: N'chifukwa chake ine ndimati COUNTIF ndiye dilu. Lembani `=COUNTIF(Akale!A:A,A2)` muone, 00412 iipeza bwinobwino ngakhale kwinako ili 412. Palibe zokonzakonza.

Bambo Gondwe: Zoona iipeza, a Yamikani, ndipo pa fayilo iyi yankho likhoza kulondola. Koma ikuipeza chifukwa COUNTIF imasandutsa chilichonse chooneka ngati nambala kukhala nambala isanafananitse. Kwa iyo 412, 0412 ndi 00412 ndi munthu mmodzi. Kuno sizivulaza poti manambala onse ndi a madijiti 5. Kumene kuli makhodi osiyana kutalika, iphatikiza anthu awiri osiyana mwakachetechete. Palinso china: Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala, ndiye manambala a madijiti 16 osiyana pa dijiti yomaliza yokha COUNTIF imawawerenga ngati amodzi. Ndiponso COUNTIF ingokuuzani kuti alipo, siikuuzani mzere womwe ali, pomwe mzerewo tiufuna posachedwa pofufuza zosintha.

Yamikani: Za madijiti 15 ndavomera. Koma pa manambala aafupi ngati awa sindikuonabe cholakwika.

Bambo Gondwe: Tiigwiritsa ntchito pompano, pamalo pake. Tadala, funsani kaye ngati fayilo ya Malichi yosakhudzidwa ilipo, mwina mu imelo yomwe inabwerera. Ngati palibe, pangani kolamu G m'masamba onse awiri:

```
=RIGHT("00000"&TRIM(A2),5)
```

Ikuika maziro asanu kutsogolo n'kudula madijiti 5 akumapeto, choncho 412 ibwerera kukhala 00412 ndipo 10377 ikhala momwe ilili. Izi zikutheka chifukwa mwanena motsimikiza kuti manambala onse ndi a madijiti 5. Kenako kolamu H. Ku Atsopano fomula yoyambayi, ku Akale yachiwiriyi:

```
=IFERROR(MATCH(G2,Akale!$G:$G,0),"WATSOPANO")
=IFERROR(MATCH(G2,Atsopano!$G:$G,0),"WASOWA")
```

Kufufuza kuyende mbali zonse ziwiri. Ambiri amangoyang'ana kuchokera ku fayilo yatsopano, ndipo osowa sawaona n'komwe chifukwa mu fayilo imeneyo mulibemo.

Tadala: Yoyambirira palibe, imelo inafufutidwa. Ndapanga G ndi H. Tsopano atsopano ndi 227, osowa 61. Zayamba kumveka.

Mayi Nachisale: Musathamange nazo kwa abwana. Pali mayeso amodzi omwe sanama: akale, kuchotsa osowa, kuphatikiza atsopano, zifanane ndi fayilo yatsopano. 4,812 kuchotsa 61 ndi 4,751, kuphatikiza 227 ndi 4,978. Zagwirizana ndi mizere yanu, koma ine sindinakhutire, chifukwa masamu amenewa amayenera kuchitika pa anthu, osati pa mizere. Munaona ngati nambala ina ikubwera kawiri mu fayilo imodzi? Ngati obwereza alipo mbali zonse, akhoza kubisana masamu n'kuoneka olondola. Apa ndiye pa COUNTIF ya a Yamikani, poti kolamu G yonse ndi ya madijiti 5. Ikani `=COUNTIF($G:$G,G2)` mu kolamu yapadera m'tsamba lililonse, musefe zoposa 1.

Tadala: Mayi mwalasa. Ku Akale manambala 9 akubwera kawiri, ku Atsopano 11. Ndi anthu omwe anatenga sola ziwiri, aliyense ali ndi mizere iwiri, dzina limodzi koma ngongole zosiyana. Awiri mwa 11 aja ali m'gulu la atsopano.

Mayi Nachisale: Ndiye fayilo yanu si mndandanda wa makasitomala kwenikweni, ndi mndandanda wa ngongole, mzere umodzi ngongole imodzi. Poti funso la abwana ndi la anthu, werengani anthu. Akale ndi 4,812 kuchotsa 9, kutsala 4,803. A Juni ndi 4,978 kuchotsa 11, kutsala 4,967. Atsopano enieni ndi 225, chifukwa awiri aja anawerengedwa kawiri. Yesaninso: 4,803 kuchotsa 61 ndi 4,742, amenewa ndi opezeka mbali zonse. Kuphatikiza 225 ndi 4,967. Tsopano zagwirizana pa chifukwa choyenera. Manambala asanu amenewa muwalembe pamwamba pa lipoti lanu kuti wowerenga athe kuwerengera yekha.

Bambo Gondwe: Kuonjezera apo, obwerezawa ndi oopsa kwa MATCH chifukwa imaima pa woyamba kumupeza. Munthu wa mizere iwiri, mizere yake yonse ya Juni ifananitsidwa ndi mzere woyamba wa Malichi, ndipo wachiwiriwo suonedwa konse. Choncho musanachotse mzere wobwereza, onani ndi maso ngati dzina, foni ndi dera zili zofanana m'mizere yonse iwiri. Ndi anthu osapitirira 20, si ntchito yaikulu. Zikafanana chotsani umodzi m'tsamba logwirirapo ntchitoli. Zikasiyana, munthuyo mumuike pambali, musasankhe nokha kuti foni yolondola ndi iti.

Che Jafali: Pepani kulowerera, langa ndi lofananako. Ine ndili ku Joni, ndimasunga mndandanda wa anthu otumiza katundu kumudzi pa thiransipoti. Nambala ya kasitomala tilibe, timangolemba dzina ndi foni. Mwezi ndi mwezi mndandanda umatuluka mu kapulogalamu ka pa foni. Ndingagwiritse ntchito dzina m'malo mwa nambalayo?

Bambo Gondwe: Dzina lokha ayi, che Jafali. Mayina ngati Banda, Phiri ndi Mwale ndi ochuluka moti mupeza anthu angapo ofanana dzina loyamba ndi la bambo lomwe. Komanso munthu mmodzi amalembedwa mosiyana, lero Marita mawa Malita, lero dzina la bambo patsogolo mawa pambuyo. Foni ndi yabwinoko, koma dziwani malire ake: munthu akasintha foni aoneka ngati wasowa mmodzi n'kubwera wina watsopano, ndipo banja logwiritsa ntchito foni imodzi lioneka ngati munthu mmodzi. Mungachite magawo awiri, poyamba kufananitsa pa foni, kenako otsalawo pa dzina, ndi maso. Koma mankhwala enieni ndi kuyamba mwezi uno kupatsa aliyense nambala yake yosasintha, yoyamba ndi chilembo, monga K0001. Chilembocho chimaletsa Excel kudya maziro.

Che Jafali: Ya chilemboyo ndaitola. Zikomo.

Tadala: Ndachotsa obwereza, onse anali ofanana kupatula mmodzi wa Juni yemwe ali ndi mafoni awiri, ndamuika pambali monga mwanenera. Tsopano za osintha. Ndayesa kufananitsa dzina, foni ndi dera pa anthu 4,742 aja, ndipo pafupifupi onse akuoneka kuti foni yasintha.

Bambo Gondwe: Ndi matenda omwe aja. Foni ya Malichi inatayanso ziro wake wakutsogolo. Lamulo lake ndi lakuti musafananitse zomwe zatuluka mu fayilo momwe zilili, yambani mwazichapa mofanana mbali zonse, n'kufananitsa zochapazo. Pangani makolamu atatu m'masamba onse, I ya dzina, J ya foni, K ya dera:

```
=UPPER(TRIM(SUBSTITUTE(B2,CHAR(160)," ")))
=RIGHT(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C2," ",""),"-",""),9)
=UPPER(TRIM(SUBSTITUTE(D2,CHAR(160)," ")))
```

Pa dzina, TRIM imachotsa mipata ya kutsogolo ndi kumapeto, ndipo mipata iwiri ya pakati imaisandutsa umodzi. Koma pali mpata wina wouma womwe umabwera ndi zinthu zokopedwa pa intaneti, umene TRIM siiuona. Ndi CHAR(160) ameneyo, n'chifukwa chake tikuyamba tamusandutsa mpata wamba. Mukaona mayina awiri ofanana m'maso koma Excel ikukana, yesani LEN pa onse awiri, nthawi zambiri mupeza lina ndi lalitali ndi chilembo chimodzi.

Pa foni, nambala ya m'manja ya kuno ili ndi madijiti 9 mukachotsa ziro wakutsogolo kapena +265. Ndiye kaya inalembedwa kuyamba ndi 099, kaya 99, kaya +26599, madijiti 9 akumapeto ndi omwewo. Chimodzimodzi za 088.

Kenako ku Atsopano, mu L2, ndipo mukokere kumanja mpaka N ndi pansi ponse:

```
=IF(ISNUMBER($H2),IF(I2=INDEX(Akale!I:I,$H2),"","X"),"")
```

Apa ndi pomwe nambala ya mzere ya mu H ikugwira ntchito. L ikuuzani za dzina, M za foni, N za dera. Kolamu iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake. Ena amalumikiza dzina, foni ndi dera kukhala chingwe chimodzi n'kufananitsa kamodzi, zimagwira, koma mapeto ake mumangodziwa kuti china chasintha osadziwa chiti.

Che Jafali: Madijiti 9 amenewo samalani nawo. Kuno nambala ya +27 ilinso ndi madijiti 9 pambuyo pa khodi, ya ku Mozambique ya +258 chimodzimodzi. Mukadula choncho khodi ya dziko yatayika.

Bambo Gondwe: Mwanena zoona. Kwa inu amene mndandanda uli ndi mayiko osakanikirana, musadule, m'malo mwake manambala onse muwalembe ndi khodi ya dziko. Kwa Tadala, aone kaye ngati muli manambala akunja posefa omwe madijiti ake 9 sakuyamba ndi 8 kapena 9, ngakhale sefa imeneyo siigwira onse, poti ya ku Mozambique imayambanso ndi 8. Akakhala ochepa awaone ndi maso.

Yamikani: Nanga kolamu F ya ngongole bwanji mwaisiya? Imeneyonso yasintha.

Mayi Nachisale: Yasintha kwa aliyense amene walipira kangachepe m'miyezi itatu, kutanthauza pafupifupi onse. Mukaiphatikiza, mndandanda wa osintha ukhala wa anthu masauzande ndipo omwe asintha foni amira m'menemo. Musanayambe kufananitsa muzigwirizana ndi wofuna lipotiyo kuti kusintha n'chiyani. Ngongole ndi lipoti lina, ndipo limenelo lingafune nambala ya ngongole, osati ya munthu, chifukwa cha a sola ziwiri aja.

Tadala: Zatsika kwambiri. Foni 107, dera 41, dzina 20. Koma mwa mafoniwo muli 23 zachilendo, ku Akale zalembedwa ngati 2.65999E+11.

Bambo Gondwe: Amenewo ndi omwe analembedwa ndi 265 kutsogolo. Anakhala madijiti 12, ndipo Excel nambala ikafika madijiti 12 imaionetsa mwachidule chotero. Munthu uja ataseva CSV, chinalowa mu fayilo ndi chidulecho, madijiti akumapeto anapita. Palibe fomula yowabweza. Anthu 23 amenewa musawaike kwa osintha, musawaikenso kwa osasintha. Apatseni gulu lawolawo, mulembe kuti foni ya Malichi inaonongeka mu fayilo ndipo sizikudziwika. Osintha foni otsimikizika ndi 84.

Mayina 20 aja muwawerenge limodzi limodzi. Mukaona zilembo ngati Åµ pamalo pa ŵ, dzinalo silinasinthe, ndi fayilo yomwe inawerengedwa ndi File Origin yolakwika. Ena mupeza ndi kukonza kalembedwe chabe, ena ndi dzina lina ndithu pa nambala yomweyo. Omalizawa ndi ofunika kuwafunsa, chifukwa pa ngongole dzina likasinthiratu ndiye kuti mwina sola inagulitsidwa kwa wina, mwina wina walemba pa akaunti yolakwika.

Tadala: Za Åµ mulibe. Ambiri ndi kalembedwe, atatu ndi mayina ena. Ndiye osintha onse ndi 84 kuphatikiza 41 kuphatikiza 20, 145?

Mayi Nachisale: 145 ndi zosintha, osati anthu. Wosamuka n'kusinthanso foni mwamuwerenga kawiri. Werengani mizere yomwe ili ndi X pena paliponse mwa makolamu atatuwo, mutachotsa ma X a mafoni oonongeka aja. Ndipo mu lipoti muike zakale ndi zatsopano moyandikana, kuti wowerenga aone kuti Bangwe wasanduka Lunzu, osangoona X. Potenga zakale ndi INDEX muonjezere `&""` kumapeto kwa fomula, apo ayi kabokosi kopanda kanthu kabwera ngati 0 ndipo wina aganiza kuti munalembedwa ziro.

Tadala: Anthu ndi 138, asanu ndi awiri asintha zinthu ziwiri.

Limbani: Ndafika mochedwa koma ndinene. Zonsezi mukanazichitira mu Power Query momwe munalowetsera mafayilomo. Merge Queries, sankhani kolamu ya nambala mbali zonse, pa Join Kind musankhe Left Anti, akutulukirani omwe ali mu fayilo yoyamba yokha. Right Anti akupatsani a mu yachiwiri yokha, Inner opezeka konse. Ubwino wake mwezi wa Seputembala mungosintha fayilo n'kudina Refresh All, osakokeranso mafomula.

Bambo Gondwe: Ngati ntchitoyi ibwerezedwa miyezi itatu iliyonse, a Limbani akunena zoona ndipo ndi njira yomwe ndingalangize. Koma kuchapa kuja sikuthawika, kungosamukira m'masitepe a Power Query. Muzikumbukiranso zinthu ziwiri. Power Query imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pomwe chizindikiro cha = mu Excel sichisiyanitsa, ndiye Ndirande ndi NDIRANDE kumeneko ndi madera awiri mpaka mutawasandutsa ndi UPPERCASE. Chachiwiri, obwereza kumeneko amachulukana: mizere iwiri kuno ndi iwiri uko imabala mizere inayi mu Inner. Kwa koyamba kano ndimakonda mafomula chifukwa munthu amaona ndi maso pomwe zapotoka, monga taonera ndi maziro aja.

Limbani: Mu Power Query ya ma Excel atsopano mulinso Use fuzzy matching, ingathandize che Jafali pa mayina olembedwa mosiyana.

Bambo Gondwe: Ingathandize kupereka mayina oti munthu awaone, osati kugamula. Mayina athu ambiri amasiyana chilembo chimodzi kapena ziwiri koma ndi anthu osiyana. Pa nkhani ya ngongole sindingalole makina kulumikiza anthu pongoganizira.

Kondwani: Bwanji osangoponya mafayilowo pano kapena pa mawebusaiti aja ofananitsa mafayilo, tikuthandizeni msanga?

Mayi Nachisale: Asatero. Muli mayina, mafoni ndi ngongole za anthu pafupifupi 5,000 omwe sanavomere kuti zawo zione anthu a pagulu pano, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinthu zotere. Akafuna kutionetsa vuto alembe mizere itatu yopeka.

Tadala, tibwerere kwa 61 aja, chifukwa ndi pomwe lipoti lingapweteke munthu. Mwaona a Gondwe analemba WASOWA, sanalembe kuti wachotsedwa. Chomwe mukudziwa n'chakuti mu fayilo ya Juni mulibe, chifukwa chake simunachidziwe. Masisitimu ambiri potulutsa fayilo amangotenga omwe akaunti yawo ili yotsegula, ndiye womaliza kulipira mu Epulo sapezeka mu Juni ngakhale mu sisitimu alimo. Mwinanso wotulutsa fayilo ya Juni anasiya sefa ina yoyaka, ya nthambi kapena ya dera. Sanjani 61 amenewo potengera dera: akaunjikana dera limodzi, kayikirani sefa. Akamwazikana, tengani manambala awo mukawafufuze mu sisitimu mwenimwenimo.

Bambo Gondwe: Ndipo chitaninso ichi: tengani mafoni ochapa a osowa 61 muwafufuze pakati pa mafoni a atsopano 225, ndi MATCH yomweyo koma pa kolamu J. Munthu akalembetsedwa kachiwiri amalandira nambala yatsopano, ndiye amaoneka mbali zonse ziwiri, kuno wasowa, uko watsopano, pomwe ndi munthu mmodzi. Ngati ogulitsa amalandira komishoni pa kasitomala watsopano, mndandanda umenewu abwana aufuna kuposa ina yonse.

Mayeso ena ndi kolamu E. Watsopano weniweni tsiku lake lolembetsa likhale la pambuyo pa fayilo ya Malichi. Koma masikuwo muwawerenge mu fayilo ya Juni yokha, yomwe sinakhudzidwe. A mu Malichi musawadalire: kompyuta ikakhala yotchera kalembedwe ka ku America, 03/04/2025 imawerengedwa ngati 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, pomwe 25/04/2025 imasiyidwa ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 25. Kolamu imodzi imakhala ndi masiku ena otembenuzidwa, ena osatembenuzidwa.

Tadala: Ndabwerako. Osowa amwazikana madera onse, si sefa ya dera. Mwa 61, anthu 17 foni yawo ikupezekanso kwa atsopano. Mwa 17 amenewo, 11 dzina ndi lomwelo, 6 dzina ndi lina. Otsala 44 ndawafufuza mu sisitimu: 39 alimo, akaunti yalembedwa Closed, anamaliza kulipira. Asanu sakupezeka n'komwe.

Yamikani: Ndiye chotsani 17 mbali zonse, atsopano 208, osowa 44, nkhani yatha.

Mayi Nachisale: 11 a dzina limodzi ndi foni imodzi ndingavomere kuwatcha olembetsedwa kawiri, komabe ndingawasiye m'gulu lawo looneka, osawafufuta m'masamu mwakachetechete. Koma 6 enawo ayi. Foni imodzi dzina lina akhoza kukhala mayi amene wamaliza ngongole yake, mwana wake n'kutenga sola ina pa foni ya m'nyumba momwemo. Ameneyo ndi kasitomala watsopano ndithu.

Yamikani: Kapena ndi munthu yemweyo wathawa ngongole n'kulembetsa dzina la m'bale wake. Foni ndiye umboni wamphamvu kuposa dzina.

Mayi Nachisale: Zikhozanso kutero, n'chifukwa chake Excel singagamule. Aone ngongole yotsala ya anthu 6 amenewa mu fayilo ya Malichi. Ikakhala yaing'ono yoti ikanatha pofika Juni, nkhani ya banja ikumveka. Ikakhala yaikulu, a Yamikani akhoza kukhala kuti alondola, ndipo pafunika kuimba foni.

Bambo Gondwe: Ine ondidetsa nkhawa ndi asanu osapezekawo. Mu sisitimu ya ngongole akaunti imatsekedwa, siyenera kuzimiririka. Mwina anaphatikizidwa ndi akaunti ina poyeretsa obwereza, ndipo zikatero nambala imodzi imafa ina n'kutsala. Fufuzani mafoni awo pakati pa anthu 4,742 opezeka mbali zonse, osati kwa atsopano okha. Akapanda kupezekanso kumeneko, lembani manambala awo asanu ndi ngongole zomwe anali nazo mu Malichi, mupereke kwa woyang'anira sisitimu kuti aone m'kaundula wa zochitika kuti anawachotsa ndani komanso liti. Mukapita kumeneko mupemphenso kuti fayilo ya Seputembala idzatuluke ndi kolamu ya Status ndi nambala ya ngongole, komanso idzaphatikize akaunti zotsekedwa.

Tadala: Awiri mwa asanuwo ndawapeza kwa opezeka mbali zonse, foni ndi dzina zomwezo pa nambala ina, ndiye anaphatikizidwadi. Atatu sakuoneka paliponse ndipo onse anali ndi ngongole mu Malichi. Ndatumiza manambala awo kwa woyang'anira sisitimu. Za anthu 6 aja, anayi ngongole inali yaing'ono, awiri inali yaikulu, ndiwaimbira mawa m'mawa.